Thanki ikusefukira koma fuloti ilimo, kenako pampu yapsa: poyambira kufufuza

Pali foni ina yake imene ndimailandira pafupipafupi kuno ku Kasungu, makamaka m'mamawa cha m'ma 5 koloko. Munthu amangoti "amisiri, thanki ija yayambanso, usiku wonse madzi amangotayika", ndiye ukafunsa kuti kodi fuloti, kaswitchi koyandama kozimitsa pampu thanki ikadzaza, mulibe amati ilimo, tinagula yatsopano mwezi watha omwewu. Anthu omwewo ikafika Okutobala amaimbanso kuti pampu ikungolira koma madzi sakukwera, mwina yangoti zii. Ambiri amaona ngati awa ndi mavuto awiri osiyana koma ine ndimati ndi ana a mimba imodzi, chifukwa pampu imene yakana kuzima thanki itadzaza ndi yomweyonso imene imapopa chitsime mpaka kuchiumitsa, kenako n'kumazungulira yopanda madzi mpaka kupsa.

Ndifotokoza ndi nyumba imodzi imene ndinapitako kangapo cha ku Chankhanga, kwa mayi ena amene ali ndi nyumba za lendi kuseri. Ali ndi chitsime chokumba pamanja cha maling'i a simenti, chakuya mamita 14, pakamwa pake mita imodzi. M'chitsimemo muli pampu yomiza ya 0.75kW, ija timati ya hosipawa imodzi, ikukankha madzi kupita mu thanki ya malita 5000 imene ili pa sitandi. Pampu imeneyi pa malo amenewo imapereka malita pafupifupi 40 pa mphindi.

Tisanapite patali, chilichonse ndikunena apa chokhudza kugwira waya muyambe mwazimitsa buleka, ndipo muyeze ndi tesita kuti magetsi achokadi. Madzi ndi 230V sizicherana. Ngati simunagwirepo mawaya, gawo lanu likhale loyang'ana ndi kumvetsera, zomasula siyirani wamagetsi.

Chimene chili mkati mwa fuloti

Fuloti imene ndikunena ndi ija ya pulasitiki yokhala ngati kabokosi kapena kachipanda, yokhala ndi chingwe chachitali ndi kolemera kamene kamalowa pa chingwepo. Mkati mwake muli kampira kachitsulo ndi kaswitchi kakang'ono. Madzi akakwera mutu wa fuloti umayang'ana kumwamba, kampira kaja kamagubuduka n'kukankha switchi, madzi akatsika mutu umalendewera pansi kampira n'kubwerera. Mukaigwira m'manja n'kumaitembenuza mumamva kuti khwa, khwa. Nzeru yake yonse ndi yomweyo basi.

Imabwera ndi mawaya atatu. Pa zambiri zimene ndagwirapo wakuda ndiye wapakati, wakuda ndi wabuluu amalumikizana fuloti ikagwa pansi, wakuda ndi wabulawuni amalumikizana fuloti ikakwera. Koma musalumbirire mitundu, makampani ena amasinthanitsa, ndipo kapepala ka m'bokosi kamatayika tsiku lomwelo. Tengani malitimita, mita yoyezera magetsi, muike paja imalira mawaya akalumikizana, gwirani mawaya awiri, tembenuzani fuloti. Mu thanki ya pamwamba mukufuna awiri amene akuliza fuloti ili chozondoka, kutanthauza kuti madzi achepa pampu iyake. M'chitsime mukufuna awiri amene akuliza fuloti ili chokwera, kutanthauza kuti madzi alimo pampu ikhoza kuyenda. Waya wotsalayo mumumange bwinobwino ndi tepi payekha chifukwa nthawi ina amakhala ndi moto.

Mukasokoneza apa zimachitika zoseketsa, pampu imayaka thanki ikadzaza n'kuzima thanki ikauma. Ngati makina anu akuchita zimenezi kuyambira tsiku loyamba musavutike ndi china chilichonse, sinthani waya m'modzi yekhayo.

Ulendo woyamba: thanki yosefukira

Nditafika kwa mayi aja ndinapeza pansi pa sitandi pali thope ngati dimba, abakha a aneba akusangalala. Mnyamata wa pakhomo anali atazimitsa kale pa buleka. Ndinakwera, kutsegula chivundikiro, fuloti ili phee pamwamba pa madzi mutu uli m'mwamba monga mmene iyenera kukhalira. Apa ndiye pamene pamafunika kudekha, chifukwa kusefukira kuli ndi zifukwa ziwiri zikuluzikulu: mwina fuloti sinakwere, mwina yakwera koma magetsi sanaduke. Musanagule kanthu dziwani kaye kuti mwa ziwirizi chanu ndi chiti.

Fuloti yosakwera imaoneka ndi maso. Nthawi zambiri chingwe chimakhala chakola pa paipi yolowetsa madzi, kapena fuloti yatsamira khoma, kapena anaimanga pamwamba kwambiri moti ikafuna kutembenuka imagunda denga la thanki isanafike poti khwa. Chomalizachi chimapusitsa anthu ambiri, chifukwa mukaiyesa m'manja ikugwira bwinobwino, koma mu thanki madzi amafika pa paipi ya ovafulo, yotayira madzi osefukira, iyo isanapeze malo otembenukira. Inanso imakhala yalowa madzi, mukaigwedeza pafupi ndi khutu mumamva kuti chubwichubwi ndipo imalemera, imeneyo yatha ntchito musalimbane nayo ndi guluu.

Ya mayi aja inali yokwera, ndiye ndinamasula mawaya ake ndikuyeza. Chozondoka ikuliza, chokwera ikulizabe. Kaswitchi ka mkati kanali katawotcherana. Nditatsatira chingwe ndinapeza chifukwa chake: amene anaika poyamba anangodula waya wa layivu wopita ku pampu n'kulowetsapo fuloti, ndiye kuti moto wonse wa pampu umadutsa mu kaswitchi kakang'ono kaja.

Mayiwo anati, "koma amisiri pabokosi analemba 16A, ndipo pampu yanga akuti imadya 5 yokha." Ndinawaonetsa pa fulotipo, panalembedwa `16(4)A`. Nambala ya m'kati mwa mabulaketiyo ndi imene imagwira ntchito pa zinthu za mota, inayo ndi ya zinthu ngati hita zimene sizikoka moto wambiri poyaka. Pampu yawo pa chikwangwani chake inalembedwa 5.5A, yadutsa kale 4, ndipo mota ikamadzuka imakoka kanayi kapena kasanu kuposa pamenepo kwa kanthawi kochepa, ndiye kuti kupitirira 20A. Kuyaka kulikonse kumathetheka kamoto pa timano ta switchi, tsiku lina timano timangomatirirana osasiyananso. Fuloti yoyamba inatha chonchi, yachiwiri chimodzimodzi, ndipo akanagula yachitatu ikanathanso.

Mankhwala ake ndi kontakita, switchi yaikulu imene imalumikiza moto koyilo yake ikalandira magetsi. Fuloti isanyamule pampu, ingonyamula koyilo ya kontakita imene ikagwira sikoka ndi 0.1A yomwe, ndiye kontakita ndi imene imanyamula pampu ndi mano ake akuluakulu. Ya 9A kapena 12A imakwana pa pampu ngati iyi, pansi pake n'kumangirirapo ovalodi, kachipangizo kodula pampu moto ukakwera kwambiri, yoikidwa pa nambala ya pa chikwangwani cha pampu, apa ndiye 5.5A. Kanthu kamodzi kamene amagetsi ena amaiwala: ovalodi zambiri anazipangira magetsi a mafezi atatu, ndiye pa pampu ya fezi imodzi moto uyenera kudutsa m'njira zake zonse zitatu. Njirazo ndi L1, L2 ndi L3: layivu alowe pa L1, potuluka abwerere kukalowa pa L2 kenako apite ku pampu, nyutulo adutse pa L3. Mukasiya njira ina yopanda kanthu ovalodi imatha kumangodula yokha popanda chifukwa, inu n'kumati pampu yafa.

Kunena zoona ine sindikonda kulowetsa 230V mu thanki ya madzi akumwa. Mwini wake akavomera ndimaika katharansifoma ka 24V ndi kontakita ya koyilo ya 24V, kuti chingwe cha fuloti chikang'ambika pasakhale maliro. Akakana chifukwa cha ndalama, ndiye buleka yoteteza anthu ija ya 30mA ikhalepo basi, pamenepo sindinyengerera. Ndipo polumikiza mawaya pasakhale m'madzi kapena mkati mwa thanki momwe mumachita thukuta, gulani fuloti ya chingwe chachitali kuti joini ikakhale panja mu kabokosi kotseka.

Mukakhala ndi kontakita kufufuza kumaphweka kwambiri, mumagwiritsa ntchito makutu. Wina akwere pa thanki azikweza fuloti ndi kamtengo kouma, inu muime pa bokosi la kontakita. Akakweza mukamva kontakita kuti thaa pampu n'kuzima, ndiye kuti za magetsi zili bwino, vuto ndi kamangidwe ka fuloti mu thankimo. Akakweza koma kontakita ili gwa, zimitsani buleka yonse muyang'ane kabatani ka pakati pa kontakita. Ngati kabwerera, kontakita ilibe mlandu, china chake chimapatsabe koyilo moto, mwina fuloti yowotcherana, mwina chingwe chimene chaphwanyika penapake mawaya n'kugundana. Ngati kabatani katsalira mkati magetsi atazima, kontakita ndi imene yamatirira, sinthani.

Ulendo wachiwiri: Okutobala

Panapita miyezi zinthu zili bwino, kenako dzuwa lija la ku Kasungu linafika, lija loti ndi nkhuku zomwe zimayenda kukamwa kuli yasa. Mayi aja anaimba kuti ku mipopi madzi akutuluka ndi mpweya, akuchita kutsokomola, ndipo mayunitsi akutha msanga. Ndinawauza kuti zimitsani pompano musadikire ndifike.

Apa ndivomere, mlandu wina unali wanga. Ulendo woyamba uja ndinawauza za fuloti yachiwiri ya m'chitsime, iwo anati chitsime chawo sichinaphwepo chikumbireni, ine ndinangoti chabwino osalimbikira. Koma nthawi imene ankanenayo ankatunga ndi ndowa. Ndowa ndi pampu ya malita 40 pa mphindi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndiponso alendi anali atachuluka.

Nditayatsa kwa kanthawi nditakoleka mita yoyezera maampu pa waya, poyamba inaonetsa 5.2A madzi akukwera bwino. Patapita mphindi zingapo kulira kwa m'chitsime kunasintha, kunayamba kumveka kopepuka ngati ikuthamanga kwambiri, paipi ikugwedezeka, ndipo mita inatsika kufika cha m'ma 3A. Ichi ndi chimene ndimafuna anthu amvetse chifukwa ambiri amati "ndili ndi ovalodi, pampu yanga ndi yotetezeka". Ovalodi imadula moto ukakwera. Pampu ikasowa madzi ilibe chonyamula, ndiye moto umatsika, ovalodi imangoona ngati zonse zili bwino mpaka zinthu zitasungunuka mkati n'kugwirana, pamenepo ndiye imadula koma mochedwa. Madzi omwe pampu ikupopa ndi amene amaiziziritsa komanso kufewetsa mkati, akachoka timapeto take ta pulasitiki timatentha n'kupindika, silo yoletsa madzi kulowa mu mota imapsa, kenako mota. Ya mayiwa inapulumuka chifukwa madzi amabwerera pang'onopang'ono n'kumainyowetsa, koma mphamvu yake sinabwererenso ngati kale.

Ndiye tinaika fuloti yachiwiri. Malumikizidwe ake ndi a mzere umodzi, moto wopita ku koyilo uzidutsa pa zipata zonse motsatizana, chimodzi chikatseka njira pampu izime:

```
L -> MCB 2A -> fuloti ya chitsime -> fuloti ya thanki -> 95-96 -> A1
N -> A2
```

L ndi layivu, N ndi nyutulo, MCB 2A ndi buleka yaing'ono ya 2A, 95 ndi 96 ndi manambala amene mudzawaone pa ovalodi, A1 ndi A2 ndi a koyilo pa kontakita. Ndinaonapo kwina ataika mafuloti awiriwa mophatikiza, aliyense ndi njira yakeyake yokafika pa A1, zotsatira zake pampu imayaka imodzi yokha ikalola, ndiye kuti palibe chimene mwateteza. Pampu iyake pokhapokha thanki ikufuna madzi komanso chitsime chili nawo, zonse ziwiri nthawi imodzi.

Pomangira fuloti m'chitsime, apa ndiye pali nkhani

Waya ndi wosavuta, chovuta ndi kutalika kwake. Tinayeza ndi chingwe chomangirira mwala m'mawa pampu isanayake, madzi anali mamita 2.5 kuchoka pansi. Pampu inalendewera masentimita 50 kuchoka pansi kuopa kuyamwa thope, ndipo mutu wake umafika pa mita 1.3. Ndinafuna kuti izizima madzi akadali masentimita 30 pamwamba pa mutu wake, ndiye pa mita 1.6, chifukwa madzi akatsala pang'ono kwambiri amapanga kamzungulire kamene kamakokera mpweya mu pampu ngakhale ikuoneka yomira. Poyakiranso ndinaika pa mamita 2.1.

Kusiyana kwa pozimira ndi poyakira kumachokera pa kutalika kwa chingwe kuyambira pamene mwamanga kukafika pa mutu wa fuloti. Chikatalika kusiyana kumakula, chikafupika kumachepa. Pa zambiri chingwe cha masentimita 35 chimapereka kusiyana kwa pafupifupi theka la mita, koma ndimayesa kaye mu mgolo kapena ndi manja ndisanatsitse. Chitsime cha mita imodzi pakamwa chimasunga malita pafupifupi 785 pa mita iliyonse ya kuya, ndiye theka la mita ndi malita 390, amene pampu ija imawamaliza mu mphindi 10 kapena kupitirira pang'ono poti madzi ena amakhala akulowa. Ikazima chitsime chimatenga pafupifupi ola ndi theka kuti chibwerere, kenako imayakanso yokha.

Msampha uli apa: musaike poyakira pamwamba kuposa pamene madzi amafika nthawi ya chilimwe chenicheni. Mukamanga fuloti mu Epulo madzi ali tho, mumaona ngati mwaika pansi zedi, koma pofika Novembala madzi amatha kulekera pansi pa poyakira paja, fuloti osatembenukanso, pampu osayaka ngakhale madzi alimo okwanira. Anthu amathamangira kukagula kapasita yatsopano, ija yothandiza mota kudzuka, pomwe vuto ndi chingwe chongofunika kutsitsa pang'ono. Ndiye pampu ikakana kuyaka nthawi yotentha, kontakita osalira n'komwe, yezani madzi kaye.

Fulotiyo tinaimanga pa paipi yokwera ndi timalamba ta pulasitiki tiwiri titatu, mbali yoyang'ana pakati pa chitsime, kutali ndi chingwe chonyamula pampu ndi waya wake, chifukwa ikakola pamenepo ili chokwera ndiye kuti mwabwerera pomwe munali. Zonsezi timachita titatulutsa pampu panja. Musalowe m'chitsime chifukwa cha fuloti, pansi paja mpweya umatha kukhala woipa munthu n'kukomoka asanakuwe n'komwe.

Ndinawaikiranso valuvu pa paipi yotuluka n'kuitseka pang'ono kuti pampu izipereka malita ngati 20 pa mphindi. Pa pampu za mtundu uwu kuchepetsa potulukira pang'ono sikuononga, bola osatsekeratu, ndipo imayenda nthawi yotalikirapo m'malo momangoyaka n'kuzima. Koma ndinawauza mayiwo poyera kuti fuloti siibereka madzi, chimene chitsime chikupereka pa tsiku ndi chomwecho, thanki ikapanda kudzaza mu Novembala asandiimbire kuti makina awonongeka.

Amene muli ndi mjigo wobowola ndi makina, fuloti yamtunduwu siilowa, kesing'i, paipi ya mjigowo ya mamilimita 110, ndi yothina ndipo ngakhale mutaikankhira ilibe malo otembenukira. Kumeneko timagwiritsa ntchito timitu tachitsulo titatu tolendewera pa mawaya, kamodzi pansi penipeni, kena pozimira, kena poyakira, tolumikizidwa ku kabokosi kotchedwa levo rile, ndipo mano a kabokosiko amalowa pamalo pomwe ndalemba fuloti ya chitsime mu mzere uja. Njira ina ndi kabokosi kamene kamaona moto ukatsika monga ndinaonera pa mita paja, n'kuzimitsa pampu, kudikira mphindi zimene mwaika kenako kuyesanso. Amene mumapopa kuchoka mu thanki ya pansi yolandira madzi a mpopi, zanu ndi zofanana ndi za chitsime, fuloti yachiwiri ilowe mu thanki ya pansiyo ndipo izizima madzi asanafike pa kamwa la paipi yoyamwira.

Thaa, thaa, thaa usiku wonse

Vuto lina limene limabwera mukangokonza awiriwa ndi pampu yoyaka n'kuzima pafupipafupi. Kwa mayi aja mlendi wa chipinda choyandikana ndi bokosi ndi amene anadandaula kuti sakugona. Nditakwera ndinapeza kolemera kaja katatsetsereka mpaka kufika pafupi ndi mutu wa fuloti, chingwe chotsala ngati chala chimodzi basi.

Tiwerengere limodzi. Thanki ya malita 5000 imakhala pafupifupi mita 1.8 m'mimba mwake, ndiye masentimita 10 alionse ndi malita ngati 250. Kusiyana kukakhala masentimita 40 ndiye kuti pampu imadikira anthu agwiritse ntchito malita 1000 isanayake, n'kuyenda kanthawi ndithu, n'kupuma. Kukakhala masentimita 5 ndi malita 125 okha, munthu m'modzi akachapa wina n'kusamba yayaka kale, ndipo madzi ogwa kuchoka pa paipi akamagwedeza fuloti imatha kuyaka n'kuzima kangapo pa mphindi imodzi. Kudzuka kulikonse ndi 20A ija, kumatenthetsa mota, kumadya mano a kontakita, kumafooketsa kapasita. Opanga mapampu ambiri amalemba malire a kuyaka cha m'ma 20 pa ola, ndipo ine ndimafuna zikhale kutali kwambiri ndi pamenepo.

Ndinabweza kolemera pamalo pake n'kukamanga ndi kalamba pansi ndi pamwamba kuti kasayendenso, ndipo fuloti ndinaisamutsira mbali ina kutali ndi pogwera madzi. Pozimira ndimasiya masentimita 10 kapena 15 pansi pa paipi ya ovafulo. Inde mutaya malita mazana angapo a malo, koma ndi bwino kusiyana ndi kumakhala pa malire.

Ngati chingwe chili bwino koma ikuyakabe kawirikawiri usiku anthu atagona, zimitsani pampu, tsekani valuvu yotulutsa madzi pa thanki, lembani chizindikiro pomwe madzi ali, mudzaone m'mawa. Akatsikabe ndiye kuti akubwerera ku chitsime, zimene zimachitika paipi yolowetsa ikakhala yomira m'madzi kapena yolowera pansi pa thanki pomwe valuvu yoletsa kubwerera yatha. Akapanda kutsika ndiye kuti akutayikira ku nyumba, kawirikawiri ndi thanki ya chimbudzi imene ikungodontha osamveka.

Palinso kulira kwina kosiyana ndi uku, kontakita kumangoti trrrr ngati ikunjenjemera. Kumeneko si fuloti nthawi zambiri. Mwina magetsi abwera ofooka moti koyilo ikulephera kugwira, mwina sikuluwu ya pa A1 yamasuka, mwina mwalowa alendo. Ndatulutsamo nyerere zodzaza dzanja m'makontakita, mavu omanga nyumba pa ovalodi, ndi buluzi wouma atagona pakati pa L1 ndi L2. Bokosi likhale lotseka, mabowo olowera mawaya mutseke, ndipo magetsi akafooka zimitsani mudikire, pampu siifuna magetsi a theka.

Kanthu kena koti muchotse ngati kalipo: bovalavu ija ya mpira ngati ya m'chimbudzi imene apulambala amaika pa paipi yolowetsa madzi mu thanki. Pa madzi a mpopi ndi yabwino. Koma pa paipi yochoka ku pampu ndi yoopsa, chifukwa ikatseka fuloti ya magetsi isanazimitse, pampu imakankha pa khomo lotseka, madzi omwewo amangozungulira mkati mpaka kutentha, ndipo thanki siisefukira ndiye palibe amene amadziwa kuti pampu ikuyendabe. Bola thanki isefukire muone kusiyana ndi zimenezo. Paipi ya ovafulo nayonso ikhale yokula kuposa yolowetsa, ndipo muiloze poonekera, osati kuseri kumene sikupita munthu.

Ulendo womaliza, switchi ya MAN

Pabokosi paja ndinaika switchi ya mbali zitatu, MAN, 0 ndi AUTO, kuti tsiku lina fuloti ikavuta azitha kupopa pamanja. Patangopita masabata awiri foni ija inabweranso, thanki yasefukira. Ndinafika ndili wokonzeka kukwera sitandi, koma nditangoyang'ana pabokosi switchi ili pa MAN. Mnyamata uja anati magetsi atabwera madzulo anafuna thanki idzaze msanga poti alendi amadandaula, ndiye anapotoza n'kupita kukaonera mpira, kubwera n'kugona.

Chimene chinapulumutsa pampu tsiku limenelo ndi momwe switchiyo inalumikizidwira. MAN imalumpha fuloti ya thanki yokha, koma ya chitsime ndi 95-96 zimakhalabe mu mzere. Ndiye madzi anatayika ndithu, koma chitsime chitatsika pampu inazima yokha, madzi atabwerera inayakanso, choncho mpaka kucha osayenda youma. Pitani mukaone yanu: ikani pa MAN, wina agwetse fuloti ya chitsime kapena mumasule waya wake m'modzi buleka itazima kenako muyatse. Pampu ikayaka ndiye kuti MAN yanu ikulumpha zonse, muitanitse wamagetsi asunthe waya ameneyo.

Kwa mayi aja ndinachotsa switchi ija n'kuika batani lofuna kuligwira ndi chala, ukangosiya pampu imabwerera pa AUTO. Mnyamatayo anayang'ana batanilo n'kunena kuti "ndiye ndiziima pano mpaka idzaze, bwana?" Mayiwo anamuyankha ndisanatsegule pakamwa, anati eya, uziima pomwepo.